Masilaidi 286 a malungo, mayeso ali pakhomo: ndiwadule bwanji?

Thoko: Mwaswera bwanji nonse. Ndigawireniko nzeru. Aphunzitsi atitumizira fayilo imodzi ya PowerPoint ya phunziro la malungo, masilaidi 286, ndipo akuti chilichonse chili m'menemo chikhoza kubwera pa mayeso. Kwatsala masiku 9. Ndikaitsegula ndimayambira pa silaidi 1, pofika cha m'ma 40 tulo tandigwira, mawa lake ndiyambiranso pa 1. Mapu oonetsa madera amene malungo avuta ndawaloweza, koma za mankhwala sindinazionebe n'komwe. Ndikufuna kuidula m'zigawo zoti ndizitha ndikakhala pansi kamodzi, mutu uliwonse ukhale ndi kachidule kake. Alipo anachitapo zoterezi?

Limbani: Masamu osavuta awa asisi. 286 kugawa ndi 9, masilaidi 32 pa tsiku. Tcherani alamu pa foni, mphindi 25 kuwerenga, mphindi 5 kupuma, njira ya Pomodoro ija. Mukatero kanayi tsiku latha. Ine ndimatero ndipo sindinalepherepo.

Kondwani: Masilaidi 286 ndi ambiri zedi, anthu adzagona. Chotsani ambiri atsale 15, zilembo zikhale zazikulu, ndipo musamawerenge pa sikirini, muziyang'ana anthu kumaso.

Thoko: Achimwene a Kondwani, sindikukaphunzitsa ine ayi. Ndikulemba mayeso.

Kondwani: Ooh, ndinawerenga mothamanga. Pitirizani, ndili pa minibasi.

Mayi Nachisale: Thoko mwanawe, usanawerenge kalikonse lero, uone kaye mmene fayiloyo anaimangira. Uli ndi laputopu? Tsegula, pita pa `View`, usankhe `Slide Sorter`. Masilaidi onse aoneka ting'onoting'ono pa sikirini imodzi. Usawerenge mawu, ungoyang'ana pamene mutu ukusintha. Kawirikawiri pamakhala silaidi ya mawu awiri atatu okha pakati, kapena mtundu wa kumbuyo umasintha chifukwa aphunzitsi analumikiza mafayilo a zaka zosiyana. Lemba pa pepala nambala imene mutu uliwonse wayambira ndi imene wathera, utitumizire pano. Ntchito ya mphindi 20 imeneyo, usaiwerengere ngati kuwerenga.

A Limbani, alamu yanuyo ndilibe nayo mlandu. Koma kugawa 32, 32 ndikukana. Tidikire mndandanda wa Thoko muone chifukwa chake.

Thoko: Ndachita mayi. Zili motere:

1 mpaka 9: mutu, zolinga za phunziro
10 mpaka 41: kufala kwa malungo, mapu ndi magirafu
42 mpaka 78: moyo wa kachirombo mu udzudzu ndi mwa munthu
79 mpaka 112: zizindikiro
113 mpaka 140: kuyeza magazi
141 mpaka 188: mankhwala a malungo osafika povuta
189 mpaka 236: malungo aakulu
237 mpaka 262: malungo kwa amayi oyembekezera
263 mpaka 280: kupewa
281 mpaka 286: mabuku ndi zikomo

Kungoona chonchi mtima wakhalako pansi. Mitu yeniyeni ndi 8 basi.

Mayi Nachisale: Eya. Tsopano tiike mpeni wa a Limbani pa mndandandawu. Ukudula pa 32, 64, 96, 128, 160, 192, 224 ndi 256. Palibe ngakhale pamodzi pamene pakugwera kumapeto kwa mutu. Pa 64 uli pakati pa moyo wa kachirombo, mwina katuluka m'chiwindi koma sikanalowe m'magazi, iwe n'kutseka laputopu kukagona. Pa 192 wangolowa masilaidi 4 m'malungo aakulu. Thoko, taona silaidi 160 pali chiyani?

Thoko: Tebulo la mlingo wa LA. Layambira pa 159, lathera pa 161.

Mayi Nachisale: Mwaona. Tsiku lina ukanaphunzira za mwana wa makilogalamu 10, za wa makilogalamu 30 n'kudikira mawa. Nkhuku timadula m'mfundo, ukadula pakati pa fupa umangobunthitsa mpeni. Chidule cha chinthu chodulidwa pakati sichilembeka, chifukwa ganizo lake silinathe.

Vuto lachiwiri ndi loti masilaidi salemera mofanana. Mapu a Malawi ukhoza kuwaona mphindi imodzi n'kupitirira. Tebulo la mlingo wa mankhwala limafuna ulikopere, ulitseke, uliyese pamtima, mwina mphindi 5 kapena kuposa. Masilaidi 32 a mapu ndi masilaidi 32 a malungo aakulu si ntchito imodzi.

Limbani: Pamenepo ndavomera. Koma kumene ndimaphunzira ine masilaidi ambiri amafanana kulemera, ndi ndime za malamulo zokhazokha. Njira yanga imagwira.

Mayi Nachisale: Ngati amafanana, gawani mofanana, bola muzikankhira malirewo kufika pothera mutu. A Thoko safanana.

Thoko, bwereranso mu `Slide Sorter`. Dina kumanja pakati pa silaidi 9 ndi 10, usankhe `Add Section`, ulembe dzina la mutu. Uchite choncho pa mutu uliwonse. Ukatha, dina kumanja pa dzina lililonse la mutu usankhe `Collapse All`. Fayilo yonse ipindika, utsala ndi mayina a mitu okha, uzitsegula umene ukuwerenga tsiku limenelo. Chitira pa kope ya fayiloyo, yoyambayo uisunge osaikhudza.

Kenako mutu uliwonse uwerenge masilaidi ake m'magulu atatu. Odumpha: mutu, chithunzi chokongoletsa, zobwereza. Opepuka: ongowerenga n'kumva, uwapatse mphindi imodzi. Olemera: tebulo, mlingo, ndondomeko ya zochita, chithunzi choti uyenera kuchijambula wekha, uwapatse mphindi 5. Usataye nthawi kusinkhasinkha silaidi imodzi, ukakayika uike kolemera.

Chisomo: Ndikutsatira mwakachetechete chifukwa vuto langa ndi lomweli, koma ine laputopu ndilibe. Fayilo inabwera ngati PDF pa foni, ndimatsegulira WPS Office. Za `Add Section` zo kwa ine kulibe. Komanso masamba ena zithunzi zinasanjikizana, mawu abisika kumbuyo kwa bokosi.

Yamikani: Chisomo, kusanjikizanako n'chifukwa choti pa silaidi yoyambayo zinthu zinkatulukira chimodzichimodzi aphunzitsi akamadina. Ikasandulika PDF zonse zimagwera pa tsamba limodzi nthawi imodzi. Sungazikonze pa foni, upemphe kwa mkulu wa kalasi fayilo ya `.pptx` yeniyeniyo. Ndipo pali china chimene PDF imataya: manotsi amene aphunzitsi ena amalemba pansi pa silaidi. Nthawi zina silaidi ili ndi mawu atatu okha koma kufotokoza konse kuli m'manotsimo. Thoko, nawenso uyang'ane, dina `Notes` pansi pa sikirini.

Kudula PDF pa foni ya Android n'kotheka. Pita posindikiza, pamene pamafunika dzina la pirinta usankhe `Save as PDF`, pa masamba ulembe mwachitsanzo `42-78`, usunge ndi dzina la mutuwo. Amene ali pa kompyuta ndipo saopa kulemba malamulo, pulogalamu ya qpdf imachita mwachangu:

```
qpdf malungo.pdf --pages . 42-78 -- mutu2.pdf
```

Chenjezo limodzi: fayilo yatsopanoyo masamba ake ayambiranso pa 1. Ngati nambala sinalembedwe pa silaidi penipeni, uike m'dzina la fayilo, monga `mutu2_42-78.pdf`, apo ayi mnzako akadzati taona silaidi 60 udzasochera.

Chisomo: Zikomo aise. Koma kudulako n'kofunikadi? Sindingangolemba manambala pa pepala?

Yamikani: Ukhoza, pepala likwanira. Ine ndimadula chifukwa fayilo yaikulu imachedwa kutseguka pa foni yanga, komanso ndikaona pansi palembedwa 37 m'malo mwa 286 ndimalimba mtima.

Thoko: Ndawerengera mitu itatu kuti muone ngati ndikuchita bwino.

Kufala kwa malungo, masilaidi 32: odumpha 5, opepuka 24, olemera 3. Mphindi 24 kuphatikiza 15, zonse 39.

Moyo wa kachirombo, masilaidi 37: odumpha 13, opepuka 19, olemera 5. Mphindi 44. Odumphawo achuluka chifukwa pali masilaidi 14 a chithunzi chimodzi chomwecho, chilichonse angowonjezera muvi umodzi. Ndasunga chomaliza chokha chimene chili ndi mivi yonse.

Malungo aakulu, masilaidi 48: odumpha 6, opepuka 26, olemera 16. Mphindi 106. Apa ndiye mutu wandizungulira.

Mayi Nachisale: Wachita bwino. Mitu iwiri yoyambayo, uliwonse ndi chigawo chimodzi. Malungo aakulu ndi zigawo zitatu. Cholinga n'choti chigawo chikhale cha mphindi 35 mpaka 45 zowerenga, kenako mphindi 10 za chidule. Ukapitirira ola umapezeka maso akuyenda koma mutu unaima kale. Ukafupikitsa kwambiri, ganizo silitha.

Mkati mwa malungo aakulu ufunenso mfundo zake. Ndikuganiza kuti muli kuzindikira wodwala, kenako mankhwala, kenako zovuta zotsatira monga kutsika kwa shuga, kuchepa kwa magazi ndi kukomoka.

Thoko: Ndi momwemo. 189 mpaka 203 kuzindikira, 204 mpaka 221 jakisoni wa atesuneti, 222 mpaka 236 zovutazo. Ndamaliza mitu yonse. Kufala 1, kachirombo 1, zizindikiro 1, kuyeza 1, mankhwala 2, malungo aakulu 3, oyembekezera 2, kupewa 1. Zigawo 12.

Mayi Nachisale: Ziwiri pa tsiku, china m'mawa china madzulo, ndi masiku 6. Tsiku la 7 ulisiye lopanda kanthu. Magetsi adzathima, kapena kudzagwa maliro, kapena chigawo china chidzakukanika, tsiku limenelo n'lobwezera ngongole. Masiku awiri omaliza usatsegule chatsopano, ndi obwereza zidule ndi kuyankha mafunso a zaka zam'mbuyo. Apa mpamene masamu a 286 kugawa ndi 9 amapweteka kwambiri: silaidi yomaliza umaiona usiku woti mawa mayeso, ndipo za tsiku loyamba sunazibwererepo.

Masilaidi 1 mpaka 9 usawataye onse. Ya zolinga za phunziro ija uisindikize kapena uikopere. Mafunso ambiri amachokera pamenepo, ndipo ikuuza mitu imene aphunzitsi amaiona yofunika.

Dalitso: Ndilowererepo pa za chidule, chifukwa mpamene ambiri timadzinamiza. Ine ndinachita za uphunzitsi ndipo nkhaniyi tinakanganapo m'kalasi. Mu 2013 John Dunlosky ndi anzake anaunika njira 10 zimene ophunzira amagwiritsa ntchito. Kulemba chidule anakuika m'gulu la njira zothandiza pang'ono, pamodzi ndi kudula mizere pansi pa mawu ndi kuwerenga mobwerezabwereza. Zimene zinapambana ndi ziwiri: kudziyesa wekha, ndi kumwaza kuwerenga pa masiku angapo.

Thoko: Ndiye chidulecho ndisiye?

Dalitso: Ayi, koma ulembe fayilo utatseka. Ukalemba uku ukuyang'ana sikirini, dzanja likungokopera, ndipo pepala limaoneka lokongola pamene m'mutu mulibe kanthu. Ukatseka kaye, chidulecho chasanduka mayeso aang'ono. Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa zimenezi mu 2006. Ophunzira anapatsidwa ndime ziwiri, ina anaiwerenga kawiri, ina anaiwerenga kamodzi kenako n'kulemba zimene akukumbukira. Atayesedwa patangotha mphindi 5, anachita bwino pa ndime yowerenga kawiri ija. Atayesedwa patatha sabata, ndime yolemba pamtima ija ndiyo anaikumbukira kwambiri. N'chifukwa chake kuwerenga mobwereza kumakoma, usiku womwewo umamva ngati wadziwa.

Ndiye ukatha chigawo, tseka laputopu, lemba ndi cholembera chabuluu zimene zatsala m'mutu. Kenako tsegula, ukonze ndi chofiira. Zofiirazo ndizo udzabwereze, zabuluu uli nazo kale.

Limbani: Nanga ukatseka n'kupeza m'mutu muli mbee?

Dalitso: Ndiye wadziwa lero, osati m'chipinda cha mayeso. Kawirikawiri zikatero chigawocho chinakula kwambiri, uchidule pawiri.

Thoko: Ndayesa ndi chigawo cha LA popeza n'chimene ndimachiopa. Chidule changa nachi, musandiseke:

"Mutuwu ukukamba za mankhwala a malungo osafika povuta. Ukufotokoza za LA, mlingo wake, kamwedwe kake ndi malangizo opereka kwa wodwala. Ukukambanso mbiri ya mankhwala a malungo m'Malawi."

Mayi Nachisale: Sitikuseka, koma chimenechi si chidule mwanawe, ndi mndandanda wa zamkatimu. Chikunena zimene mutu ukukamba, osanena zimene wanena. Yesa motere: ndakubweretsera mwana wa makilogalamu 18, magazi aonetsa malungo, akudya, sakusanza. Pepala lakoli likuuza kuti umupatse mapiritsi angati?

Thoko: Ayi, silikunena.

Mayi Nachisale: Ndiye lembanso. Mzere woyamba ukhale funso limene mutuwo ukuyankha. Pansi pake yankho, ndi manambala ake enieni. Kenako chinthu chimodzi chimene anthu amasokoneza. Pambali pa mfundo iliyonse nambala ya silaidi. Pomaliza chimene sunamvetse. Zonse zisapitirire theka la tsamba la kope. Likadzaza tsamba lonse ndiye kuti wayamba kukopera.

Thoko: Kachiwiri:

"Wodwala malungo osafika povuta ndimupatsa chiyani, motani? LA, kamwedwe 6 pa masiku 3. Koyamba pompo, kachiwiri patatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatira, silaidi 157. Mapiritsi pa kamwedwe kamodzi amatsata kulemera: makilogalamu 5 mpaka 14 limodzi, 15 mpaka 24 awiri, 25 mpaka 34 atatu, 35 kupita m'mwamba anayi, silaidi 159 mpaka 161. Amwere chakudya cha mafuta kapena mkaka kuti mankhwala alowe bwino m'thupi, silaidi 163. Chosokoneza: kachiwiri ndi maola 8, osati 12. Mbiri: dziko linasiya kolorokwini kupita ku SP mu 1993, n'kupita ku LA mu 2007, silaidi 144. Sindinamvetse: akasanza atangomwa, malire a nthawi yobwereza ndi ati."

Mwana wa makilogalamu 18 uja, mapiritsi 2 kamwedwe 6, onse 12. Maola 8 aja ndinalemba 12 poyamba, ndakonza ndi chofiira.

Mayi Nachisale: Chimenechi ndiye chidule. Funso la kusanzalo ulifune m'chigawo chachiwiri cha mutuwo, likasowa ukafunse aphunzitsi. Pa kope yako ulembe m'chilankhulo chimene udzalembere mayeso, mayina a mankhwala ndi a zizindikiro akhale momwe alili pa silaidi, kuti dzanja lizolowere kalembedwe kake.

Gift: Ine ndili ku za maakaunti, ndipo ndinene kuti kwa ife zidulezi sizipindula kwenikweni. Masilaidi athu theka ndi zitsanzo za masamu. Ukhoza kulemba chidule chokoma cha kaphwanyidwe ka mtengo wa katundu pa zaka, koma akakupatsa manambala manja n'kuuma.

Dalitso: Zoona a Gift. Pa mutu wa masamu, m'malo mwa chidule mutseke yankho la chitsanzo chimodzi, muchisove nokha, kenako mulembe mizere itatu ya masitepe ndi pamene munaphonya. Thoko nayenso zimukhudza pa atesuneti, pamenepo mpowerengera, si poloweza chabe.

Thoko: Mwatchula atesuneti, ndangosuzumira chigawocho ndipo ndapeza zosemphana. Silaidi 207 ikuti mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu kwa aliyense. Silaidi 216 ikuti ana osafika makilogalamu 20 alandire mamiligalamu 3 pa kilogalamu. Ndilembe ziti m'chidule?

Mayi Nachisale: Izi ndi zimene ndimanena za mafayilo olumikiza. Ya 216 ndiyo yatsopano. Bungwe la WHO linasintha mu 2015: mwana wosafika makilogalamu 20 amalandira 3, ena onse 2.4. Nthawi yake sinasinthe, pompo, patatha maola 12, patatha maola 24, kenako kamodzi pa tsiku kufikira atayamba kumwa. Mwana wathu wa makilogalamu 18 akanakhala ndi malungo aakulu, 18 kuchulukitsa ndi 3, mamiligalamu 54. Ndi silaidi yakaleyo ukanapeza 43.2, wamuchepetsera.

Taona ubwino wodulira m'mfundo. Masilaidi awiriwa agwera m'chigawo chimodzi ndiye wawagwira. Akanagwera masiku osiyana ukanaloweza onse awiri osazindikira kuti akutsutsana.

Ukafika pa amayi oyembekezera uchenjerenso. Masilaidi akale amati m'miyezi itatu yoyambirira apatsidwe kwinini, koma mu 2022 WHO inalangiza LA ngakhale m'miyezi imeneyo. Ukapeza zosemphana zoterezi, lemba zonse ziwiri m'chidule ndi manambala a masilaidi ake, uike chizindikiro cha funso, upite nazo kwa aphunzitsi mayeso asanafike. Ochonga ndi iwowo, ndipo ku wodi timatsata malangizo a Unduna wa Zaumoyo amene akugwira ntchito nthawi imeneyo.

Yamikani: Kuti usaphonye pena, dina `Ctrl+F` ulembe `artesunate`, ikuyendetsa paliponse pamene mawuwo ali. Sipeza mawu amene ali m'kati mwa chithunzi, monga tebulo lojambulidwa m'buku, amenewo ndi a maso ako.

Limbani: Nzeru ina nayi. Muli anthu angati m'kalasi mwanu ogwirizana? Mukakhala 4, aliyense atenge mitu iwiri, alembe zidule, mugawane. Ntchito yatsika kanayi.

Dalitso: Imeneyo ndiye ndikukana kwamtuwagalu. Phindu la chidule lili polemba. Cha mnzako ukachiwerenga chili ngati silaidi ina, yaifupi chabe.

Limbani: Mukulankhula ngati anthu ali ndi nthawi yofanana. Wina ali ndi mwana, wina akugwira ntchito usiku. Kuli bwino kuwerenga chidule cha mnzako kusiyana ndi kulowa mayeso mutu wonse usanauone.

Dalitso: Pa mitu yopepuka mwina. Koma akalakwitsa mlingo, nonse 4 mwalakwitsa limodzi.

Chisomo: Ife timachita pakatikati. Aliyense amalemba zake, koma timatumizirana mafunso atatu pa mutu uliwonse, mayankho osatumiza mpaka madzulo.

Limbani: Imeneyo ndi ntchito yowonjezera, si yochepetsa. Ine ndikadali pomwepo.

Mayi Nachisale: Ndisaweruze mlanduwu, nonse muli ndi mbali. Thoko nthawi ali nayo, alembe yekha. Chimene ndingawonjezere n'choti chigawo chilichonse chiyambe ndi mphindi 5 zonena pamtima chidule cha dzulo ndi china cha masiku atatu apitawo, pepala litatembenuzidwa. Popanda zimenezi zidule 12 zija zidzangokhala mulu wina wodikira usiku womaliza.

Ndiponso sindikuona chifukwa choyambira pa mutu woyamba. Mapu wawaloweza kale. Ndikanakhala ine ndikanayamba ndi kachirombo, chifukwa zizindikiro ndi mankhwala zimamveka ukadziwa chimene chikuchitika m'magazi, kenako zizindikiro, mankhwala ndi malungo aakulu, kuti zolemerazo zipeze mpata wobwerezedwa kangapo. Kufala ndi kupewa zibwere kumapeto.

Dalitso: Apa mayi ndisiyana nanu pang'ono. Kuyeza magazi kusadumphidwe, kubwere mankhwala asanafike, chifukwa masilaidi a mankhwala amayamba ndi wodwala woyezedwa kale. Komanso zigawo ziwiri zolemera tsiku limodzi zimafoola. Ndikanaphatikiza cholemera m'mawa, chopepuka madzulo.

Mayi Nachisale: Za kuyeza mwanena zoona aphunzitsi. Zophatikizazo zitengera mutu wa mwini wake, ena madzulo ndi pamene amagwira bwino.

Kondwani: Ndatsika minibasi tsopano. Funso langa, kusindikiza sikungathandize? Ine pa sikirini maso amawawa.

Yamikani: Kungathandize, makamaka magetsi akamavuta, koma osasindikiza silaidi imodzi pa tsamba. Posindikiza pali `6 Slides Horizontal`, masilaidi 286 akwana masamba 48. Odumpha aja muwabise kaye ndi `Hide Slide`, n'kuchotsa chizindikiro pa `Print Hidden Slides`, masamba achepanso. Matebulo a zilembo zing'onozing'ono saoneka akakhala 6 pa tsamba, amenewo musindikize paokha ndi `3 Slides`, imene imasiya mizere yolembapo pambali. Kubisa n'kwabwino kuposa kufufuta chifukwa manambala a masilaidi sasuntha, zidule za Thoko zikhalabe zikuloza malo oyenera.

Thoko: Ndondomeko yanga ndi iyi, m'mawa kenako madzulo. Tsiku 1, kachirombo ndi zizindikiro. Tsiku 2, kuyeza ndi LA gawo loyamba, limene ndalilawa kale. Tsiku 3, LA gawo lachiwiri ndi kuzindikira malungo aakulu. Tsiku 4, atesuneti ndi kufala. Tsiku 5, zovuta za malungo aakulu ndi oyembekezera gawo loyamba. Tsiku 6, oyembekezera gawo lachiwiri ndi kupewa. Koma tsiku 5 likundiopsa, zonse ziwiri n'zolemera, ndipo m'mawa mwake tili ku wodi mpaka masana.

Mayi Nachisale: Sinthanitsa. Kupewa kubwere madzulo a tsiku 5, oyembekezera magawo onse awiri apite tsiku 6, akhale pamodzi momwe mutu wake ulili. Tsiku la ku wodilo zovuta za malungo aakulu uwerenge ukaweruka, utapuma kaye. Mphindi imodzi ndi mphindi 5 zija ndi zongoyerekeza, mawa uike wotchi pa chigawo cha kachirombo. Chikakutengera ola ndi theka m'malo mwa mphindi 44, ubwere tidzawerengerenso zonse lisanathe tsiku loyamba.

Chisomo: Mkulu wa kalasi wanditumizira `.pptx` ija. Manotsi alipodi pansi, ena aatali kuposa silaidi. Ndiwerengere kuti, kopepuka kapena kolemera?

Mayi Nachisale: Kolemera. Ndipo uyambirenso kuwerengera mitu yako, zigawo zako zichuluka kuposa mmene unkaganizira.